Chiphaso cha kampani ya Laston

Laston anabwerera kwawo kwa Kanduku mwezi wa Juni, manachesi atapsa, atavala shati yoyera ndi baji pachifuwa. Amayi ake a Deliwe anali pamakwerero akuthyola zipatso pomwe anamuona akukwera chitunda. Anatsika osadziwa kuti atsika bwanji. Panali patadutsa zaka zisanu ndi chimodzi mwana wawo yekhayo ali ku Blantyre, akusintha maganyu, foni kuimba mwa apo ndi apo.

"Ulendo uno ndabweratu, amayi," anatero Laston atakhala pakhonde. "Kampani yandituma kuti ndikhale ejenti wa kuno ku Mwanza."

A Deliwe anamva mawu oti "ndabweratu" okhawo. Zina zonse anazimvetsa mawa lake: kampaniyo inali Kwerani Nafe Finance, yobwereketsa ndalama kwa alimi ndi amayi a geni. Munthu amayamba wapereka ndalama ya kalembera, ngongole n'kutuluka pakatha masabata awiri. Laston anawaonetsa pepala la m'pulasitiki lokhala ndi chidindo cha boma.

Masiku amenewo a Deliwe ankadzuka mopepuka. Anasesa chipinda chomwe chinasanduka mosungira matumba, nayalamo mphasa yatsopano. Mumtima anali atayamba kale kuona njerwa zikuumbidwa kuseri kwa khola la mbuzi, mpongozi akutunga madzi, ana akulimbirana manachesi ogwa. Amayi a m'gulu lawo la banki m'khonde, lomwe a Deliwe anali wapampando, anagwirizana kuti Loweruka onse adzalembetsa. "Poti ndi mwana wanu, ife tilibe mantha," anatero mmodzi.

Mawu amenewo ndi amene anawasowetsa mtendere pang'ono a Deliwe. Lachinayi anakweza matumba awiri a manachesi pa kabaza kupita ku boma. Atagulitsa, anapatukira kusitolo ya a Kulsumu, mayi wogulitsa zitenje yemwe ankachezerana naye kwa zaka zambiri. Anafuna chitenje chodzavala Loweruka, ndipo nkhani ya Laston inatuluka yokha.

A Kulsumu anakondwera nawo, kenako anafunsa, "Kampaniyo ili ndi chiphaso cha ku Reserve Bank?"

"Pepala la boma ali nalo. Ndalijambula pafoni kuti ndidzionetsa anthu."

A Kulsumu anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa. "Asisi, ili ndi lolembetsera dzina la bizinesi. Lotere nane ndili nalo, lilo apo pakhoma. Koma obwereketsa ndalama ndi a inshulansi amafunika chiphaso china, chochokera kwa Registrar of Financial Institutions, ku Reserve Bank. Achimwene anga anapusitsidwapo ndi a inshulansi ya galimoto, m'pamene tinadziwira. Tione pa mndandanda?"

A Deliwe anatenganso foni yawo. Anayang'ana kumsewu komwe mathiraki opita ku Mozambique anali atandandalika. Akanatha kulipira chitenje n'kumapita. Palibe akanawaimba mlandu; iwo si a boma. Loweruka likanafika, Laston akanaima pamaso pa anthu ndi shati yake yoyera, iwo atakhala kutsogolo.

"Taonani," anatero motsitsa.

A Kulsumu anatsegula tsamba la Reserve Bank pafoni yawo, napeza mndandanda wa mabungwe obwereketsa ndalama omwe ali ndi chilolezo. Anawerenga maina mokweza, limodzilimodzi, chala chikutsetsereka. A Deliwe ankamvetsera ngati mmene ankamvetsera maina a ana okhoza mayeso pa wailesi kalelo. Mndandanda unatha, dzina la kampaniyo osamveka.

"Mwina ndi yatsopano, sanailembe," anatero a Deliwe.

"Zimatheka. N'chifukwa chake tiimbe."

Nambala inali patsamba lomwelo. Anawalumikiza ndi bambo wina wa ku ofesi yoyang'anira mabungwe a zachuma, wolankhula mofatsa, yemwe anapempha kuti atchule dzina la kampaniyo monga lalembedwera papepala. Anadikira nthawi ndithu. Bamboyo atabwereranso pafoni anati dzinalo mulibe m'kaundula wawo, ngakhale mwa omwe angolandira chiphaso kumene.

"Kampani yovomerezeka imapachika chiphaso chathu poonekera mu ofesi mwake, mayi. Musapereke ndalama iliyonse. Kodi amene akulembetsa anthuyo mukumudziwa?"

"Ndi mwana wanga," anatero a Deliwe. "Nayenso anamulemba ntchito."

Bamboyo anati ambiri otumidwa amakhala osadziwa, ndipo zingathandize mwanayo ataimba yekha n'kunena komwe kuli ofesi ya mabwana ake.

Chitenje sanagule. Pobwerera anatsika kabaza patali, mtunda wotsalawo anayenda wapansi kuti akonze mawu. Anapeza Laston akukhoma chitseko cha khola chomwe chinaguluka chaka chatha, atavula shati, akuimba kanyimbo kamene malemu bambo ake ankakonda. Anaima kuseri kwa mtengo kumuonerera mpaka msomali womaliza.

Atamuuza, Laston anaponya hamala pansi.

"Mwapita kukandifufuza ngati wakuba? Mpaka kwa anthu a m'sitolo?"

"Sindinafufuze iwe. Ndimafuna ndimve kuti zili bwino."

"Ndiye mwamva chiyani? Zaka zonsezi ntchito yooneka ndi iyi yokha, amayi."

"Ndikudziwa. Waimbire abwana akowo, uwafunse nambala ya chiphaso cha ku Reserve Bank. Akakupatsa, ine ndikapepesa pamaso pa gulu lonse."

Laston anaimba pomwepo, mokweza kuti amayi ake amve. Abwanawo anati chiphaso chili m'njira, zimenezo si za ejenti, iye angotolera za kalembera n'kutumiza pafoni. Laston atafunsanso kachiwiri, foni inadulidwa. Anayesa katatu, osayankhidwa. Anakhala pamwala n'kugwira mutu.

"Nanenso anandilipiritsa ya baji ndi ya maphunziro," anatero.

Loweruka amayi anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kutchalitchi, ndalama zili kumfundo za zitenje. A Deliwe anakonzeka kulankhula, koma Laston anawatsogolera. Anauza anthu kuti asapereke kanthu, kampaniyo ilibe chilolezo, ndipo iye waimba kale ku Reserve Bank kukanena zonse zomwe akudziwa. Ena anang'ung'udza, poti anali atawerengera kale feteleza. Mayi wina wachikulire anamugwira dzanja.

Laston anakhalako masabata ena awiri, mpaka manachesi anatha m'mitengo. A Deliwe anayesa kumuuza za dimba la kudambo, za mbuzi zomwe akanamugawira. Laston ankangomwetulira. Mnzake wina, Vincent, anali atamupezera malo pa kontrakiti yomanga nyumba ku Tete.

A Deliwe anamuperekeza mpaka pa boda. Laston analowa pamzere wodindisa pasipoti, chikwama kumsana.

"Khirisimasi ndibwera, amayi. Ndikangopeza simu ya kumeneko ndiimba."

"Uzidya," anatero a Deliwe.

Anaima panja pa mpanda mpaka mutu wake unasowa pakati pa mathiraki. Wakabaza wina anawafunsa ngati akupita, iwo anati ayi, adikira kaye pang'ono, mwina pali chomwe mwanayo waiwala.