Katswiri wa Zilankhulo Zonse za ku Chitipa

Eunice Msukwa, mlembi wa kalabu ya alimi a khofi ku Misuku m'boma la Chitipa, ankafuna munthu woti amasulire m'Chisukwa kabuku kophunzitsa kudulira mitengo ya khofi. Pa foni pake panafika mbiri ya ntchito ya Sosten Chikwakwa wa ku Lilongwe. Pachithunzi anali mu suti, ndipo m'munsi analemba kuti, "Katswiri wa zilankhulo zonse za ku Chitipa. Ndimamasulira zamalamulo, zaumoyo, zaulimi ndi ndakatulo."

Eunice anatsonya. "Zonse? Ife obadwira konkuno tikadziwa zitatu timayamika Mulungu."

Koma wapampando, bambo Kayange, suti ija inali itawagwira mtima. "Mama, uyu ndi munthu wophunzira. Onani, walemba yekha mmene tingamuyesere."

Analembadi. Ankati chitsanzo cha ntchito yake chiwerengedwe pamaso pa eni chilankhulo, iwo afotokoze zimene amva. Eunice anatsegula chitsanzo chimene pamwamba pake panalembedwa kuti Chisukwa, n'kuyamba kuwawerengera mokweza alimi amene ankayanika khofi pathandala.

Ndime yoyamba isanathe, mayi wina anasiya kuvundula khofi n'kugwira m'chiuno. "Chitumbuka chokoma bwanji! Kodi kabukuka n'kathu kapena n'ka anthu a ku Rumphi?"

Bambo Kayange anayamba kuvundula khofi ngati sanamve.

Eunice anamulembera Sosten pomwepo: "Bambo katswiri, kumpoto kuno si mudzi umodzi. Koma njira yanu yoyesera omasulira ndi yabwino zedi. Woyamba kugwa nayo ndinu."