Kalata ya Lettie kwa a Phiri a ku Holoselo

Kwa miyezi khumi ndi inayi, Lettie Zulu sanadutse mumsewu wa kuholoselo ya a Harrison Phiri. Akafuna kupita m'tauni ya Chipata kuchokera kushopu kwake ku Kapata, ankazungulira njira yaitali, ndipo foni ikalira n'kuona nambala yawo, ankaitembenuza pa kauntala mpaka isiye yokha.

Lettie ankagulitsa mbewu, mankhwala a m'munda ndi masipuleya opopera mankhwalawo. Katundu ankatenga kwa a Phiri pangongole, n'kumalipira akagulitsa. Zaka zisanu zinayenda bwino chonchi. Kenaka kunabwera chaka cha chilala. Alimi a ku Mtenguleni omwe anawakongoza mbewu anabzala, mvula inadula chimanga chili m'mawondo, ndipo panalibe wobweza kanthu. Nayenso Lettie analephera kubweza.

Mu Meyi wa chaka chotsatira, minda itabereka bwino, kunafika envelopu. Munali sitetimenti yosonyeza kuti ngongole yake inali K41,200, ndi mawu ochepa pansi pake: ngati sayankha m'masiku khumi ndi anayi, nkhani ipita kwa loya.

Madzulo ake atatseka shopu, Lettie anatulutsa buku lake ndi mainvoisi onse, mapepala a mitengo ya katundu yemwe anatenga, n'kuyamba kufananiza ndi sitetimenti ija mzere ndi mzere. Mwamuna wake Bizwell, yemwe ankayendetsa minibasi, anakhala pa thumba la mbewu akudikira kuti apitire limodzi kunyumba.

"Ziwerengero sizikugwirizana," anatero Lettie.

"Akuwonjezera?"

"Ayi, achepetsa. Masipuleya anayi omwe anabwera mu Disembala, chilala chija chisanayambe, sanawalembe. Ndi K3,400. Ngongole yeniyeni ndi K44,600."

Bizwell anaseka pang'ono. "Ndiye khalani chete, amake Mwayi. Ndipo musalembe kalata iliyonse. Pitani mukalankhule nawo pakamwa. Pepala mukasaina, ndi lomwelo adzanyamule kupita nalo kukhoti."

Lettie anadziwa kuti pamenepo mwamuna wake sananame. Akavomera ngongole polemba, sakanathanso kudzaikana. Koma kodi ankafuna kuikana? Katundu analandira, ndipo siginecha yake inali pa pepala lililonse lolandirira katundu. Chomwe ankasowa chinali nthawi, ndipo munthu amene wakhala akuthawa foni chaka chathunthu sangapemphe nthawi ndi pakamwa pokha.

"Ndilemba," anatero. "Ndi masipuleya omwe. Buku lawo lolembamo katundu wotuluka lidzawaonetsa tsiku lina, ndipo tsikulo kalata yanga idzakhala yabodza."

Kulembako kunamutengera masiku atatu, osati chifukwa cha mawu koma masiku olipira. Anakwera basi kupita ku Mtenguleni kukaona alimi ake. Ena anali atakumba kale nshawa, ena akupuntha soya. A Tereza Jere, omwe ankatsogolera gulu la amayi khumi ndi awiri omwe Lettie anawakongoza mbewu, anamuuza mosabisa kuti asanu ndi atatu adzalipira mu Juni akagulitsa soya, atatu adzadikira ndalama za chimanga mu Ogasiti, ndipo mmodzi anasamukira kwa mwana wake ku Lusaka. Lettie anawerengera ndalama za okhawo omwe anaona matumba awo ndi maso ake.

Kalatayo anailemba m'Chinyanja, kuti pasakhale liwu lomwe iye mwini sakulimvetsa. Pamwamba anaika tsiku ndi dzina la shopu, kenaka analemba:

"Ine Lettie Zulu ndikuvomera kuti ndili ndi ngongole kwa inu ya K44,600. Sitetimenti yanu ikunena K41,200, koma munaiwala masipuleya anayi a K3,400 omwe ndinalandira pa 9 Disembala. Ndikupempha kubweza mankhwala ophera udzu omwe sindinagulitse, a K6,600 pamtengo womwe ndinatengera, kuti patsale K38,000. Pa ndalamayi ndikupempha kulipira K34,000, ndipo mukailandira yonse ngongole ikhale yatheratu. Ndidzalipira motere: K10,000 tsiku lomwe tidzasaine, K12,000 pa 30 Juni, K12,000 pa 31 Ogasiti. Ngati mwavomera, chonde sainani pansipa."

Anakopera mainvoisi onse n'kuwamata kumbuyo. Lachisanu m'mawa anakweza makatoni a mankhwala mutakisi, n'kulowera mumsewu womwe ankauthawa uja.

A Phiri anali muofesi yawo yaing'ono kuseri kwa matumba a feteleza. Atamuona sanaimirire.

"Mayi Zulu. Ndimayesa munasamuka."

"Sindinasamuke, a Phiri. Ndinkachita manyazi."

Anawapatsa kalata ndi manja awiri. Iwo anavala magalasi n'kuwerenga mosafulumira. Atafika pa masipuleya anaima, anatsegula kabati, n'kutulutsa buku lakale la katundu wotuluka. Anatsegula masamba kwa kanthawi mpaka chala chawo chinaima pa mzere wina.

"Alipodi," anatero motsitsa mawu. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anatuluka kukaona makatoni, kuyang'ana ngati mabotolo ali osatsegula ndiponso tsiku lomwe mankhwalawo adzathe mphamvu. Anakhutira nawo.

Atabwerera anakhala pansi n'kuvula magalasi. "Mayi, nanenso ndili ndi ondikongoza ku Lusaka, ndipo chaka chija anandifinya kwambiri. Kusiya K4,000 sindingathe. Ndisiya K2,000. Mulipire K36,000."

Lettie anawerengera mumtima. Ndalama ya Juni sakanaikweza. Ya Ogasiti inkadalira chimanga, ndipo ogula chimanga amachedwa kulipira.

"Ndingathe, ngati gawo lomaliza likhala K14,000, koma tsiku lake mulisunthire pa 15 Seputembala. Sindifuna kulemba tsiku lomwe ndidzaliphonye."

"Chabwino. Koma tiwonjezere mzere umodzi. Mukaphonya tsiku lililonse, kuchotsera kuja kwatha, tibwerera pa K38,000, kuchotsapo zomwe mudzakhale mutalipira."

Mzerewo unamuopsa, komabe anaona kuti unali wachilungamo. Mayi Sesiliya Banda, osunga mabuku a pa holoselopo, anataipa mgwirizano watsopano pa mapepala awiri ofanana. Lettie anawerenga onse awiri asanasaine, a Phiri anasaina, Mayi Banda anasaina ngati mboni, ndipo aliyense mwa awiriwo anatenga lake. Kenaka Lettie anamasula kansalu komwe anamangamo K10,000, ndalama ya m'chilimba chake, gulu losonkherana ndalama mosinthana, ndi ya mbuzi ziwiri zomwe anagulitsa. Mayi Banda anaiwerenga n'kumulembera lisiti.

Gawo la Juni analipira kutatsala masiku awiri. La Seputembala linamuvuta, chifukwa mlimi mmodzi sanabwere ndipo panaperewera K1,500. Bizwell, yemwe poyamba sankafuna za kalata, anabwera kushopu masana a pa 14 n'kuika pa kauntala ndalama zomwe ankasungira matayala a minibasi.

"Matayala angadikire sabata," anatero. "Tsiku lanu silingadikire."

M'mawa mwake a Phiri analandira ndalamayo okha. Pa pepala la Lettie analemba kuti ngongole yonse yatha, anasaina n'kudinda chidindo cha holoselo.

"Mbewu ya chimanga ifika sabata ya mawa," anatero akumubwezera pepala. "Chaka chino muyambe ndi theka kulipiriratu, theka linalo masiku makumi atatu. Tikaona mmene ziyendere, tidzakambanso."

Lettie anavomera. Anapempha Mayi Banda pepala ndi bolopeni, anakhala pa benchi ya panja, n'kuyamba kulemba mitundu ya mbewu yomwe amayi a ku Mtenguleni anamuuza kuti adzafuna mvula ikayandikira.