Kalata Yopita kwa a Sakamoto

Ine ndinakulira ku Ndirande, ndipo kwathu munthu akakuponda umangoti, "Mwandiponda!" basi. Khalidwe limeneli ndinafika nalo pa sekondale yathu ya ku Manyamula, kumene ndimaphunzitsa bayoloje, ndipo linatsala pang'ono kumanitsa ana anga a Folomu 4 mamaikulosikopu.

Anawo anali asanagwirepo maikulosikopu chibadwire, mayeso ali pafupi. Mnyamata wa ku Japan dzina lake Kurihara, yemwe anaphunzitsapo pathu pano zaka ziwiri, anapempha ahedi a sukulu yake kwawoko, a Sakamoto, kuti atitumizire khumi, monga unanenera mndandanda umene tinatumiza. Bokosi linafikadi ku Lilongwe, onse khumi ali momwemo. Koma kalata ya mphatso, yosainidwa ndi a Sakamoto, inkati zipangizozo ndi zisanu ndi chimodzi. Akasitomu, oona za msonkho wa katundu, anakana kulitulutsa mpaka kalata igwirizane ndi katundu.

Ndinakwera matola kupita pa Boma, ndinalowa mu kafe ya intaneti n'kulembera a Sakamoto mizere itatu: mwalakwitsa nambala, konzani, ifike Lachisanu. Kuti zifulumire, ndinaikamonso Kurihara ndi aphunzitsi onse a sukulu ya a Sakamoto amene ndinali ndi maadiresi awo. Ndinatuluka ndikudzitama kuti ndine mkazi wogwira ntchito.

Masiku asanu ndi anayi, zii! La khumi anayankha ndi Kurihara: "Nkhaniyi ndi yovutirapo pang'ono. Tiiganizira."

Ndinathamangira nayo kwa a Hara, achiwiri kwa ahedi athu, bambo wachingoni wa ku Edingeni amene theka la maukwati a dera lino anayendetsa ndi iwo ngati thenga, mkhalapakati wa mabanja.

"Akuti aiganizira!" ndinatero ndikuvina.

A Hara anawerenga kalata yanga, kenako yankholo, n'kuvula magalasi.

"Mama Esme, apa akana. Mwawauza akuluakulu kuti alakwa, pamaso pa ana awo onse. Tsono akonze bwanji? Akakonza ndiye kuti avomera."

"Koma si analakwadi?"

"Chomene! Ine ndapitapo kwa bambo amene anasokoneza tsiku la ukwati wa mwana wake. Mukuganiza kuti ndinamuuza? Ndinati mwina makutu anga akalamba. Mbwenu tsiku linakonzedwa, ndipo tinadya nyama."

Zinandiwawa, sindinama. Kupepesa ine, wosalakwa? Koma m'mawa mwake Dyness, mtsikana amene amafuna unamwino, anandifunsa ngati selo la anyezi limaonekadi ngati njerwa kapena ndi bodza la m'buku. Loweruka ndinali pa Boma, a Hara ali pambali panga.

"Choyamba, musalembere ahedi," anatero. "Lemberani Kurihara yekha. Ndiye thenga wathu. Iye akudziwa nthawi yolowera muofesi."

Ndinayamba kutaipa za nambala. Anandigwira dzanja.

"Mwafika pakhomo pa eni osaodira? Kwawoko kukuzizira kapena kukutentha?"

Tinafunsa mwini kafe, anatifufuzira, akuti ndi nyengo ya maluwa. Tinayamba ndi maluwawo. Tinanena kuti kuno chimanga chacha. Tinathokoza a Sakamoto chifukwa cha mtima wawo, tinathokozanso, mpaka ine ndinati, "A Hara, intaneti ikutha!" Kenako ndinapepesa chifukwa cha kalata yanga yoyamba, yolembedwa mothamanga. Za nambala tinati mwina mndandanda umene tinatumiza kuchokera kuno sunali womveka bwino, ndipo ngati sikungakhale kuwavutitsa kwambiri pa ntchito zawo zambiri, kalata ina yotchula khumi ingatithandize.

"Nanga Lachisanu?" ndinafunsa.

"Musawapatse tsiku ngati ndinu bwana wawo. Auzeni tsiku la mayeso a ana. Kuwerenga amatha."

Tsikulo ndinalilemba momveka, mwezi ndi deti, chifukwa a Hara anati ulemu usabise chimene ukupempha. Kalata ya mizere itatu ija inasanduka tsamba lathunthu.

Lachitatu yankho linabwera, kalata yatsopano ili momwemo, yosainidwa, chidindo chofiira pansi. Ndinakuwa mu kafemo mpaka wina anagwetsa foni. Patatha sabata ziwiri bokosi linafika pa lole ya fetereza, ndipo Dyness anaona njerwa zake za anyezi, n'kukana kuchoka pampando.

Patapita mwezi, mayeso atatha, panabwera envelopu yochokera ku Japan. Munali kakhadi kolembedwa pamanja ndi a Sakamoto eni ake. Anayamba ndi mvula ya kwawo, anafunsa za chimanga chathu, anafunira ana mafuno abwino. Pansi penipeni panali mzere umodzi: "Mndandanda wanu unali womveka bwino. Zikomo."

Ndinawapatsa a Hara. Anawerenga kawiri, n'kuvula chipewa, ali chiimire pakati pa ofesi.

"Yewo, dada," anatero kwa kakhadiko.