Nyimbo Zimene a Gwedeza Ankadumphitsa

Tsiku limenelo dzuwa linaswa mtengo pa Balaka, malata akulira okha, mphepo itakaniratu kuwomba. Magetsi atazima masana, a Gwedeza anatulutsa anthu m'nyumba yawo yoonetsera mafilimu, anagona chagada pa benchi, nalota.

A Gwedeza anali munthu wouma pakamwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akuonetsa mafilimu, filimu ya Chimwenye ikafika pa nyimbo ankadina rimoti n'kudumphitsa. Anthu akadandaula ankangoti, "Zotaya nthawi." M'mawa wa tsikulo mayi Namaona, telala wamasiye wa tsidya la msewu, amene kwa zaka ziwiri ankawabweretsera thobwa, anali atawauza kuti lole ibwera 4 koloko kudzawatenga iwo mayiwo kuti akakhale kwa mwana wawo ku Kasungu. "Pokhapokha wina atakhala ndi mawu," anatero mayiwo akuyang'ana pansi. A Gwedeza anayankha kuti, "Muyende bwino."

M'malotomo galasi la TV linatseguka ngati chitseko, ndipo pakhomopo panali Nangozo, mkazi wawo amene anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anali atakhala pa mpando akung'amba matikiti.

"Mwanenepa," anatero a Gwedeza.

"Kuno kulibe wondisowetsa mtendere. Lowani, alendo anu atopa n'kudikira."

M'katimo munali khonde lalitali, ndipo nyimbo zonse zimene a Gwedeza anadumphitsa zinali zitakhala pa mabenchi motsatana, monga odwala pachipatala. Zinali ndi miyendo. Yoyamba inali ndi ndevu zapamlomo ndi magalasi akuda.

"Ine ndimabwera koyambirira, kudzaonetsa anthu mwini filimu," inatero. "Akatsika pa njinga yamoto, holo yonse imaimba mluzu. Inu munandidula asanaponde pansi."

Yachiwiri, yachikondi, inangobisa nkhope ndi nsalu. Yachitatu inali yaukwati, thupi lonse utoto, abale makumi asanu ali pambuyo pake. Kenako pa benchi panali malo opanda munthu.

"Apo ndi popumira," anatero Nangozo. "Filimu ya maola atatu imaduka pakati kuti anthu akamwe tiyi. Zokoma zambiri zimakhala kuno, misozi uko."

Kuseri kwa malowo kunakhala mtsikana wovala zonyezimira amene anavomera yekha kuti nkhani yake ya filimuyo sakuidziwa n'komwe, anangoitanidwa kudzavina kamodzi kuti anthu asawodzere. Pambali pake panali nyimbo yowonda, yofanana nkhope ndi yachikondi ija.

"Ndine yemwe uja," inatero. "Ndimabweranso pang'onopang'ono zinthu zikavuta. Koma poti simunandionetse ndikuseka, ndani akanandilirira?"

"Nkhani inkamveka," anatero a Gwedeza.

"Inkamveka, inde," anatero Nangozo. "Ndiwo zopanda mchere nazo zimadyeka. Lole ikubwera, bambo. Pali zitseko ziwiri, ndipo kunja simutuluka osadutsa m'nyimbo."

A Gwedeza anasankha chakumanzere chifukwa kunkamveka ng'oma, ndipo anaganiza kuti paphokoso munthu sangafunsidwe kuyankhula.

Anapezeka m'shopu ya mayi Namaona. Mayiwo ankamanga makina osokera ndi chingwe, kapu ya tiyi ikufuka pa tebulo. Anadzutsa maso, maso awo anakumana, ndipo khoma linagwa osachita phokoso. Kuseri kwake kunali phiri loyera mbuu ndi chipale chofewa, lozizira ngati m'firiji. A Gwedeza anadziona atavala juzi yofiira. Anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka mawu osalala ngati uchi, a mnyamata amene sanasutepo fodya.

Pansi pa mtengo panali kabokosi kagalasi, m'katimo kamunthu kadazi kakumwa tiyi patsogolo pa maikolofoni.

"Mawuwo ndi anga, bwana," kanatero kamunthuko mwaulemu. "Ndinaimba miyezi isanu yapitayo, filimu isanathe kujambulidwa. Nyimboyi ikulira kale pa wailesi ndi m'maukwati, ndipo anthu amabwera ku holo ataidziwa pamtima. Ndaimbira apolisi, akuba, mafumu ndi oyendetsa matakisi. Anthu amandidziwa dzina, sitibisa. Inu ntchito yanu ndi milomo ndi mapewa."

Ntchitoyo a Gwedeza anaikonda. Anatambasula manja. Phiri linasanduka munda wa maluwa achikasu, juzi inasanduka malaya oyera, ndipo mayi Namaona anathamanga kuchokera kutali nsalu yawo ikuuluka kutalika ngati msewu wa ku Liwonde. Mvula inagwa pa iwo awiri okha. Anthu makumi anayi anatuluka m'maluwamo, anavina mofanana, nabwereramo. Mawu obwerekawo ankanena za mwezi, za mtsinje wofuna nyanja, za maso onga nyali. Za lole sanatchule. Nkhope zitayandikana kwambiri, maluwa awiri anabwera kutsogolo n'kugundana mitu m'malo mwawo.

A Gwedeza anasintha malaya kasanu ndi kawiri. Mawondo sanawawe ngakhale pang'ono. Pa malaya achisanu anazindikira chinthu chimene anakhala akuchikana zaka ziwiri, ndipo atacheuka anaona anthu onse a pa Balaka atakhala pa mabenchi m'mbali mwa phiri akugwedeza mitu, kusonyeza kuti iwo anadziwa kale.

Ng'oma inaleka. Khoma linabwerera. Tiyi uja anali akufukabe, ndipo mayi Namaona anamaliza mfundo ya chingwe imene anaiyamba ija.

"Mumati chiyani, a Gwedeza?" anafunsa.

"Simunamve?"

"Ndimve chiyani? Mwangoima apo ngati mtengo wa magetsi."

Nangozo anasuzumira pawindo akuseka mpaka misozi. "Nyimbo imeneyo inali ya mumtima mwanu ndi ya oonera. Imaimika wotchi, n'kutsegula chifuwa kuti anthu aone zimene pakamwa pakulephera, makamaka pamaso pa makolo. Zilipo zina zimene zimanyamula zaka, mwana n'kuyamba kuthamanga ali wa zaka zisanu, n'kumaliza ali ndi ndevu. Koma yachikondi yakuphiri imakubwezerani pamene inakutolani. Mayiwa sanapite kuphiri kulikonse."

"Ndibwereze."

"Mubwereze kuti muvalenso juzi? Tiyeni uko."

Chitseko chakumanja chinawafikitsa m'shopu yomweyo, tiyi yemweyo, chingwe chomwecho. Kusiyana kwake kunali piyano yakuda imene inakhala pakona, pamene pamakhala dengu la zigamba. Piyanoyo inakhosomola.

"Tinakumanapo, bambo," inatero. "Chaka chija munagula filimu ya ku Amereka yoimbaimba, n'kudumphitsa nyimbo zonse monga mwa chizolowezi chanu. Mukukumbuka?"

A Gwedeza ankakumbuka. Mtsikana wa m'filimuyo ankakana mnyamata, iwo anadina rimoti, ndipo mtsikanayo anapezeka atavala mphete. Anadinanso, mnyamata ali m'sitima, popanda wodziwa kumene akupita. Anthu anatuluka akutukwana.

"Anavomera m'kati mwa nyimbo," inatero piyano. "Ulendowo anaupangana m'nyimbo. Kwa anzathu a Chimwenye aja pafupifupi filimu iliyonse yotchuka imaimba, kaya yankhondo kaya yaupolisi, ndipo nyimbo ndi khonde lopumirapo. Kwathu ku Amereka mafilimu oimba ndi mtundu wakewake, wochokera ku zisudzo zapabwalo, ndipo nyimbo ndi njerwa ya m'khoma. Mukaichotsa, denga limagwa."

"Phiri lili kuti?"

"Kulibe. Muimba pompano, m'malaya omwewo. Mumayamba ndi kuyankhula. Mawu akalemera moti pakamwa sipangawanyamule, ine ndimalowa pansi pake, ndipo simudziwa n'komwe pamene kuyankhula kwathera. Chakumayambiriro munthu amaimba chimene akufuna, kuti oonera adziwe chomutsatira. Imeneyo inu munaidumpha kalekale. Mwatsala ndi yakumapeto, imene munthu amasankha. Ikatha, chinthu chikhale chitasintha. Ndipo mayiwa amva liwu lililonse."

A Gwedeza anayang'ana uku ndi uku. "Kamunthu kadazi kaja?"

"Nafenso tinabwerekapo mawu nthawi zina, koma mwakachetechete, ngati munthu wobwereka jekete la ukwati. Oonera ayenera kukhulupirira kuti mawuwo ndi a mwini nkhani. Lero tilibe wobwereketsa."

Kunja lole inaliza hutala. Inali itavala chipewa, ndipo inalowetsa mutu pakhomo n'kupereka moni kwa onse.

A Gwedeza anatembenukira kwa Nangozo, amene tsopano anali atakhala pamwamba pa piyano akusenda nzimbe.

"Inu simukwiya?"

"Ndikwiye chiyani? Zaka makumi atatu ndinkamva nyimbo zanu zonse za m'phiri, ngakhale munali chete ngati mwala. Ine ndinali ndi khutu lake. Koma musayese kuti mkazi aliyense ndi wolosera. Awa ndi telala, amafuna muyeso."

"Mawu anga ndi oipa."

"Ndi oipadi. M'tchalitchi ndinkakutsinani kuti mutsitse. Yambani."

Mayi Namaona anasenza makina pamutu. Shopu inayamba kufupika, makoma akuyandikira, mpaka panatsala malo a anthu awiri ndi piyano. Chitseko chinali pambuyo pa mayiwo, chotsegula.

"Mayi," anatero a Gwedeza.

Piyano inagunda kamodzi, pansipansi.

"Thobwa lija."

Inagundanso kawiri.

"Silikoma kwenikweni. Limachepa shuga." Piyano inazengereza, koma inapitiriza. "Koma ndimamwa lonse. Tsiku lililonse ndimayang'ana msewu kuyambira 9 koloko."

Apa anamva mawu awo akukwera okha, okhakhala ngati macheka pa mtengo wouma, ndipo malipenga amene sanawaone analowa pambuyo. Palibe anasintha malaya. Mayi Namaona anaima, makina ali pamutu, ndipo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndiye mukuti bwanji, a Gwedeza?" anaimba mayiwo, pa nyimbo yomweyo.

Piyano inasiya mpata wa mawu amodzi. Aliyense anadikira, ndi lole yomwe. A Gwedeza anakoka mpweya.

Magetsi anayaka. TV inabangula, fani inayamba kuzungulira, ndipo a Gwedeza anadzidzimuka pa benchi thukuta lili kamukamu, kukamwa kuli yasa. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti 4 koloko ikwane. Tsidya la msewu mitolo inali itaunjikidwa kale pakhonde, mayi Namaona atakhala pamwamba pa umodzi, atavala nsapato zapaulendo.

A Gwedeza anazimitsa TV, anasukusula, anawoloka msewu, anavula chipewa, nanena ndi mawu awo omwe kuti, "Mayi, musapite. Mawu aja ndili nawo ndine."