Malipenga a Chaka Chino

Winifred anali kusita nsalu za pabedi la alendo pakhonde la nyumba yake ku Katoto pamene Mabel, mnzake wogulitsa usipa, anatulukira ndi dengu pamutu, akuchokera ku Nkhata Bay.

"Monire, asisi. Mwasowatu ku malipenga kwanu. Avina masiku atatu, fumbi lokhalokha."

"Malipenga ake ati?"

"A kumudzi kwanu komwe. Magulu asanu ndi awiri. Atha dzana."

Winifred anaika simbi pamwala. Mwana wake Percy, kalaliki ku Blantyre, anamulembera kalata mu Juni kuti amufunsire tsiku la malipenga. Tchuthi amapatsidwa kamodzi pachaka, ndipo ankafuna kuti mkazi wake watsopano, Rachael wa ku Mulanje, adzaone gule amene malemu bambo a Percy ankatsogolera atavala zoyera, ndodo m'manja. "Mufunse kwa mlembi wa gulu, amama," analemba choncho, nalemba mzere kunsi kwake.

Winifred sanafunse. Kumudzi n'kutali, basi n'njovuta, ana ang'onoang'ono ankadwala chikuku. Anangoyankha kuti ndi sabata yomaliza ya Ogasiti, popeza chaka chatha zinali choncho. Tsopano anamufotokozera Mabel zonsezi.

"Komatu mukudziwa, asisi," anatero Mabel akutula dengu. "Tsiku limasankhidwa ndi gulu loitana anzawo, n'kutumiza makalata. Chaka chino anafulumiza. Mwana wa kunyanja ngati inu mungaiwale zimenezo?"

"Sindinaiwale. Ndinachita ulesi."

"Nanga afika liti?"

"Loweruka. Tchuthi anasainira kale."

Mabel anayang'ana nsalu zopindidwa bwino zija, nayang'ana mnzake.

"Mungowauza kuti kwagwa maliro, gule amuimitsa. Ndani angatsutse maliro?"

"Ndiphe munthu chifukwa cha ulesi wanga? Ndiye Percy akafunsa kuti wamwalira ndani, nditchule inu?"

"Ine ayi, ndidakali ndi usipa wogulitsa."

Winifred sanaseke. Ankaona kale mpongozi wake akutsika basi patapita tsiku lathunthu pamsewu, atavala zokaonera gule, Percy akumufotokozera za ng'oma yaikulu ndi zikho zoliza.

"Palibenso kwina kumene avine mwezi uno?"

"Ndamva za ku Chintheche, koma mu Seputembala. Apo ayi adikire gule wa amayi wa chilimika pa Nyuwere."

"Pamenepo n'kuti atabwerera kale kuntchito."

Winifred anapukuta manja pachitenje ngakhale anali ouma.

"Ndikamuuza ndekha kudepoti, asanatsitse n'katundu yemwe, mkazi wake akumva. Ndipo mawa mukamabwerera, mundipitire kwa mlembi uja. Akhale akundilembera tsiku chaka chilichonse, papepala, osati zapakamwa."

"Yewo, ndipita," anatero Mabel, nasenza dengu lake.

Winifred anatsegula simbi. Makala anali atasanduka phulusa, kupatula limodzi. Analiuzira, nayala nsalu yachiwiri, nayamba pakona.