Mndandanda Wosatsata Alifabeti

Ndinkasita chovala choyera cha kuchipatala cha mwana wathu pamene foni yake inalira kuchipinda. Ndinamumva akuti "inde, apulofesa" kangapo, mawu akunka natsika. Atatuluka anakhala pampando wa pafupi ndi khomo, foni ili m'manja.

"Amayi, buku langa alibweza."

Ndinaimika simbi. Buku limeneli linali la kafukufuku wake wa chaka chomaliza cha udokotala, lonena za kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. Dzulo lake bambo ake anali atapita nalo kosindikiza, n'kukalisiya ku koleji.

"Alibweza chifukwa chiyani?"

"Akuti manambala asokonekera. Ndikalemba mfundo ndimaika nambala pambali pake. Nambalayo imalozera ku mndandanda wa kumapeto kwa buku, kumene kuli akafukufuku onse amene ndinawerenga. Ndiye pamene ndalemba kuti asipulini wochepa amathandiza mayi amene ali pachiopsezo, pali seveni. Apulofesa atapita ku seveni apeza kafukufuku wa makina oyezera. Akuti oyesa mayeso akaona zimenezi aganiza kuti ndangopeka. Likapanda kulowa lero ofesi isanatseke, ndidikira chaka chamawa."

Bambo ake anali pakhonde akupukuta nsapato. Anapuma ntchito ya uphunzitsi kalekale, koma aliyense amawatchulabe kuti Ahedi. Ndinamva burashi italeka kulira.

Mwanayo anatsegula laputopu n'kulowetsa fulashi imene inapita kosindikiza. Anayang'ana, kenaka anagwira kumutu.

"Wina wasanja mayina motsata alifabeti! Kalembedwe ka Vankuva, kamene timatsata ku koleji, sikatero. Kafukufuku amene ndayamba kumutchula m'buku ndiye wani, wotsatira ndi thu, choncho basi, ngakhale dzina liyambe ndi Z. Ndi mkulu wosindikiza uja ameneyu. Ndikamupeza andidziwa."

Pamenepo ndinakumbukira. Madzulo adzulo lake, Ahedi akuvula jekete, anandinong'oneza akumwetulira kuti, "Adokotala athu ndawakonzera kenakake. Mankhwala amawadziwa, koma kusanja mayina ayi." Sindinafunse. Munthu amene waitana mayina a ana asukulu moyo wake wonse sangaone Z ali pamwamba pa B mtima n'kukhala m'malo.

Analowa m'nyumba nsapato imodzi ili m'manja. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana simbi. Mumtima ndinangoti, Ambuye, pakamwa panga mutseke, pawo mutsegule nthawi yake ikakwana.

"Mayi anga," anatero kwa mwanayo, chifukwa ndi mmene amamuitanira, "wosindikizayo tiyeni timusiye kaye. Chingachitike n'chiyani?"

Foni inaliranso. Anali apulofesa omwe aja. Mayi ameneyu sindinamuonepo, koma ndimamutchula m'mapemphero. Anati afufuza m'makalata awo a pa kompyuta ndipo apeza buku lakale limene mwanayo anawatumizira mwezi wathawo, mndandanda uli bwinobwino, ndipo amutumizira. Anamuchenjeza kuti asangoukopera, popeza mwanayo anawonjezera akafukufuku ena pambuyo pake, manambala anasuntha. Anatinso popeza mndandandawo augwira kale, akonzeretu ndi zina: pena walemba olemba onse, pena atatu okha, magazini ena dzina lonse, ena lachidule.

Tinachotsa nsalu ya patebulo. Mwanayo anakhala pa laputopu, Ahedi anatenga foni imene munali buku lakale lija, navala magalasi. Anayambira tsamba loyamba. Iye amawerenga mfundo ndi nambala yake, bambo ake amapeza mfundo yomweyo m'buku lakale n'kutchula kafukufuku wake, iye n'kumubwezera pamalo pake. Akakumana ndi mfundo yatsopano ankatsegula kafukufukuyo kuti aone ndi maso kuti akunenadi zimenezo.

"Uyu tamupatsa kale folo," anatero Ahedi. "Wabweranso. Timupatse ina?"

"Ayi, ababa. Akabweranso amakhala folo yemweyo."

"Ngati mwana wobwereza kalasi."

Mwanayo anaseka koyamba tsiku limenelo. Ine ndinawaikira tiyi patali ndi laputopu.

Dzuwa litafika pamutu magetsi anathima, ndipo batire ya laputopuyo ndi yokalamba kuposa Ahedi. Ndisanaganize n'komwe, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene amasoka zovala ndipo ali ndi sola, anali atayamba kale kuponya waya pamwamba pa mpanda. Anali atamva zonse, makoma athu sasunga chinsinsi.

"Musandithokoze," anakuwa. "Ndikadzadwala ndisadzaime pamzere!"

Manambala atakhala m'malo, anayamba kukonza kalembedwe. Apa Ahedi anafika kwawo. Mwanayo anawauza lamulo kamodzi kokha: dzina la bambo la wolemba, zilembo zoyamba za mayina ake popanda timadontho, olemba akapitirira sikisi ulembe oyamba sikisi n'kuika et al., kenaka mutu wa kafukufuku, dzina lachidule la magazini, chaka, voliyumu, masamba.

"Etala ameneyu ndi ndani, amene walemba nawo pafupifupi onse?" ndinafunsa.

"Amayi inu! Ndi Chilatini, kutanthauza kuti ndi anzake ena."

"Ndimati ndi munthu wolimbikira."

Ahedi ankayenda ndi chala pagalasi la laputopu mzere ndi mzere. "Apa chaka chatsatana ndi chizindikiro cha koma. Enawa ali ndi kadontho kokhala ndi mchira pansi." Mwanayo ankakonza. Pa magazini awiri mwanayo sanadziwe chidule chake chovomerezeka, ndipo anakana kupeka. Anaimbira woyang'anira laibulale ya ku koleji, amene anasiya chakudya chake n'kukamuyang'anira m'kaundula wa magazini a zachipatala.

Pomaliza anawerenganso kuchokera kumayambiriro, nambala iliyonse ndi mwini wake. Seveni inalozera kwa asipulini.

Kosindikiza tinapita tonse atatu. Ndi kachipinda kopanikiza, kotentha, kodzaza mapepala mpaka kudenga. Mkulu wosindikizayo ataona Ahedi anatsegula pakamwa, kenaka anaona nkhope ya mwanayo n'kutseka.

"Musakhudze chilichonse," anatero mwanayo mouma. "Mungosindikiza."

"Chabwino, adokotala."

Anaimitsa ntchito ya munthu wina n'kuyamba yathu. Mlandu umene sunali wake anausenza. Anamata bukulo, nalipukuta ndi mkono wa malaya ake, n'kulipereka ndi manja awiri. Mwanayo anathamangira minibasi. Ife tinakhala pabenchi ya panja mpaka uthenga unalowa pafoni yanga: alilandira.

Ndinatseka maso pang'ono. Ndinathokoza chifukwa cha apulofesa, mayi wa sola, wa ku laibulale, ndi wosindikiza amene anadziwa kukhala chete.

Mwanayo anadzatipeza pabenchi pomwepo dzuwa likupendeka, thukuta lili kamukamu, nakhala pakati pathu. Anagwira dzanja la bambo ake.

"Ababa, pakanapanda maso anu sindikanamaliza. Koma uyu," analoza m'kachipindamo ndi mlomo, "sindidzabweranso kwa iye."

Ahedi anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono. Anaimirira, navula chipewa, naima pakhomo pomwe kuti wosindikizayo amve nawo.

"Mayi anga, mkuluyu alibe mlandu. Anandiuza kuti zinthu za ana a ku koleji sitikhudza, ine ndinakakamira kuti asanje. Ndinkayesa kaundula wa kalasi. Tsiku lonse ndakhala nawe patebulo, ndikukubisira. Achimwene, mwanyozedwa chifukwa cha ine, pepani. Ndipo iwe mwana wanga, ndinalakwa ndine. Undikhululukire."