Mayankho a Masamu M'belo la Thonje

Amene ananyozetsa a Felistus Mbewe pa depoti ya thonje ku Sinda ndi Obvious Sakala, woimira kalasi la Giredi 12. Mkazi wamasiye wosaba ngakhale singano kutchedwa mbava chifukwa cha kalata ya mwana wa eni!

Obvious anasonkhanitsa mapepala a mayeso a zaka zapitazo ndi mayankho ake, n'kuika kalata pamwamba. Mpukutuwo utafika kwa Hellen, mwana wa a Felistus, iye anaiwerenga kalatayo mokweza:

"Anzanga, mpukutuwu ndi umodzi, wa tonse. Yambani ndi pepala lakale kwambiri. Lembani osatsegula buku, muleke nthawi yolembedwa papepalapo ikakwana. Mayankho mupatse wamkulu pakhomo awabise ndithu, akupatseni mukatsiriza. Dzichongeni, zimene mwalakwa mufunse aphunzitsi. Lachisanu mupatse mnzanu wotsatira. Wotaya tsamba tidzam'chotsa m'gulu."

A Felistus sachita zinthu mwatheka. Anakulunga mayankho m'pulasitiki, n'kuwakankhira pakatikati pa belo la thonje limene linali lisanasokedwe.

M'mawa a Felistus ali kumjigo, alamu awo a Gilbert, amene sathandiza ukawapempha koma usanawapemphe, anasoka belo lija, n'kulikweza pangolo, ulendo wa ku depoti.

"Amama, ndatsiriza. Mayankho?" anatero Hellen amake atabwerako.

A Felistus anayang'ana pakona, n'kugwira kumutu. Anathamangira ku depoti, kalata ili m'manja, patapata mmodzi n'kutsalira m'njira.

Anapeza wogula thonje atang'amba kale belo, monga amachitira pofuna miyala ndi mchenga, pulasitiki ili m'mwamba.

"Likiji!" anakuwa wogulayo. "Mayeso obedwa! Amayi, mwayamba liti bizinesi iyi?"

"Bwana, ine ndinalekera Giredi 5. Masamu ndibe n'kaphike?"

"Mlamu," anatero a Gilbert, "mukanandiuza, bwenzi nditagulitsa padera."

"Inu khalani chete, mumangokakamira ngati chisoso!"

Anam'ponyera wogulayo kalata. "Werengani mokweza, muonenso chaka papepalapo!"

Munthu uja anawerenga mpaka pa "awabise ndithu". Alimi anaseka mpaka wina kugwa pa sikelo. Mapepala anabweza, koma thonje analitsitsa giredi, ati lakhudzana ndi pulasitiki.

Madzulo Hellen anadzichonga, ndipo Lachisanu mpukutu unapita kwa mnzake uli wathunthu, ulusi wa thonje uli m'masamba. M'gulu sanam'chotse. Koma a Felistus kutchalitchi, kuchigayo, ponseponse, dzina lawo tsopano ndi Amake Likiji.

Atam'peza Obvious pamsewu, iye anangoti, "Amayi, ena anangoika pansi pa matiresi."

Pansi pa matiresi! Pamene Hellen amayala m'mawa uliwonse! Kumeneko n'kubisa?

Ndiye inu amene mwawerenga izi, musangoseka. Wolakwa ndani: wolemba kuti "awabise ndithu" osanena pobisa, kapena mayi amene anabisadi? Yankhani!